Mbaula imodzi, moto wa nyemba ndi moto wokazingira nsomba

Nabanda_wa_ku_Chilinde
Ndikupempha nzeru kwa amene mumaphikira pa makala tsiku ndi tsiku. Ndili ndi mbaula imodzi yokha, ndipo vuto langa ndi lakuti moto wake umakhala waukali pa nthawi imene ndikufuna wofatsa, kenako umafooka pa nthawi imene ndikufuna waukali. Ndikatereka nyemba, madzi amaphwa msanga, pansi pamapserera koma za pamwamba zikadali zolimba. Nyembazo zikapsa ndi kuikapo chiwaya kuti ndikazinge chambo, mafuta satentha mokwanira, nsomba imamatirira, khungu limasupuka ndipo imatuluka itamwa mafuta. Kodi moto wa makala mumauchepetsa ndi kuuonjezera bwanji popanda kuuzimitsa?

Mnyamata_wa_pa_lendi
Amayi, vuto lingakhale makala amene mukugula. Makala opepuka savuta kukoleza koma amatha msanga, choncho funani olemera, amene amalira bwino mukawagundanitsa.

Mmisiri_wa_mbaula
Achimwene, za makala olemera mwanena zoona, koma mayiwa sakudandaula za kukoleza, chifukwa moto wawo ukuyaka mpaka kupsereza nyemba. Amayi Nabanda, ndisanayankhe tiuzeni zinthu zingapo. Mbaula yanu ndi yachitsulo chokhachokha kapena ili ndi dothi mkati? Ili ndi kachitseko kumunsi, ndipo mumakatseka? Makala mumathira ochuluka bwanji, nanga phulusa la dzulo mumalichotsa musanakoleze?

Nabanda_wa_ku_Chilinde
Zikomo bambo. Ndi ya dothi mkati, yokhala ndi tizitsulo titatu tokhazikapo poto. Kachitseko kalipo, koma kamakhala kotsegula nthawi zonse. Makala ndimadzaza mpaka pamwamba kuti andifikitse kumapeto, ndipo phulusa ndimataya likadzaza kunsi kuja.

Mmisiri_wa_mbaula
Mwayankha bwino, ndipo zonse zimene zikukuvutani zili m'yankho lanulo. Makala amayaka molingana ndi mpweya umene akulandira. Pa mbaula yanu mpweya umalowera pa kachitseko, n'kudutsa m'mabowo a dothi lija, n'kukwera pakati pa makala mpaka kutulukira m'mbali mwa poto. Mukadzaza makala ndi kusiya kachitseko kotsegula, makala onse amayakira limodzi ndi mphamvu yawo yonse mu ola loyamba, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene nyemba zanu zikupserera. Pofika pokazinga, makala aja amakhala atanyeka, otsalawo atakutidwa ndi phulusa, mabowo nawo atatsekeka ndi phulusa ndi tizinyenyeswa, mwakuti ngakhale kachitseko kali kotsegula mpweya sukudutsa.

Pa chakudya chofuna kubwata pang'onopang'ono, yambani ndi makala ofika theka la mbale ya dothiyo, ndipo musankhe akuluakulu chifukwa amanyeka mochedwa. Kachitseko kakhale kotsegula mpaka poto atawira, kenako mukatseke n'kusiya kampata kongokwana chala. Musakatseke konse, chifukwa moto ukhoza kufa, makamaka ngati makala ali ochepa. Makala ochepawo muwasonkhanitse pakati kuti azitenthetsana, popeza khala limene latsala lokha m'mbali limazima msanga.

Chimene anthu ambiri sachipirira n'chakuti mbaula siimva nthawi yomweyo. Mukatsegula kachitseko, moto umakwera m'mphindi zochepa, koma mukatseka umatsika mochedwa, chifukwa makala ali kale ofiira ndipo dothi nalo lasunga kutentha. Choncho musadikire kuti ndiwo ziyambe kununkha kupserera. Tsekani kachitseko poto akangoyamba kuwira, ndipo ngati moto wapitirira kale, phulani kaye potoyo, muchotse makala ena ndi chopanira, ndiye mubwezerepo. Makala mwachotsawo muwaike m'chitini chokhala ndi chivundikiro cholimba, amazima okha ndipo mudzawagwiritsanso ntchito.

Gogo_wa_ku_Dedza
Mwana wanga, ife kuno za kachitseko sitizidalira kwambiri, chifukwa mbaula zambiri zikakalamba kachitseko kamapindika kapena kuthothoka. Ine ndimatapa phulusa louma kunsi kwa mbaula n'kuwaza pang'ono pamwamba pa makala, ndipo moto umafatsa nthawi yomweyo, umakhalanso nthawi yaitali. Ndikafuna kuti ubwerere ndimangotokosa ndi kamtengo, phulusa limagwera pansi ndipo makala amaoneka ali ofiira.

Mai_a_Tadala
Ine njira yanga ndi yachidule. Moto ukachuluka ndimawaza madzi pang'ono ndi dzanja ndipo umatsika.

Mmisiri_wa_mbaula
Njira ya agogo ndi yabwino, ndipo ikuchita zomwezo zimene kachitseko kamachita, kutanthauza kuchepetsa mpweya wofika pa makala. Pofunika kusamala m'pakuti phulusa likachuluka limalowa m'mabowo, ndiye pofuna kukazinga pambuyo pake muyenera kuligwedeza lonse. Koma za madzi ndikukana, mayi a Tadala. Dothi lotentha likagwidwa ndi madzi ozizira limachita ming'alu, ndipo mbaula zambiri zimene anthu amabwera nazo kuti ndikonze zimakhala zosweka pakati pa bowo ndi bowo. Kuonjezera apo nthunzi imauluza phulusa n'kulilowetsa m'ndiwo, makala ena amazimiratu pamene ena akuyakabe, ndiye moto umakhala wa mbali imodzi.

Mai_a_Tadala
Mbaula yanga ndi yachitsulo chokha, bambo, ilibe dothi loti lisweke, ndipo sindithira madzi ambiri.

Mmisiri_wa_mbaula
Ngati ndi yachitsulo siisweka, zimenezo ndavomera, koma chitsulo chimene chimanyowa chili chotentha chimachita dzimbiri msanga, ndipo pansi pake pamaboweka nthawi isanakwane. Ndikanakonda muyese kuchotsa makala atatu kapena anayi m'malo mowaza madzi, muone ngati moto sutsika chimodzimodzi.

Wachiwaya_wa_pa_Lunzu
Ndilankhulepo za kukazinga, popeza ndiyo ntchito imene imandidyetsa. Amayi Nabanda, moto umene waphika nyemba kwa maola awiri sungakazinge nsomba pokhapokha muukonzenso, ndipo kuukonzako kumafuna nthawi yake. Nyemba zikangotsala pang'ono kupsa, ikani makala ang'onoang'ono m'mbali mwa moto kuti ayambe kugwira. Mukaphula poto, gwirani mbaula m'zigwiriro zake ndi nsalu, muigwedeze pang'ono kuti phulusa ligwe, mutokose mabowo ndi waya, muchotse phulusa la kunsi, mutsegule kachitseko konse ndi kukalozetsa kumene kukuchokera mphepo. Mukatero yalani makala ofiira aja pansi ponse, muthire atsopano pamwamba, mukupize pa kachitseko mpaka atsopanowo atafiira.

Pokazinga pamafunika makala ang'onoang'ono, aakulu ngati dzira kapena kucheperapo, chifukwa amagwira moto msanga ndipo amayala bwino pansi pa chiwaya chonse. Fumbi lokhalokha ndiye ayi, limatseka mpweya. Cholakwika chachikulu n'kuika chiwaya pa makala akuda amene angothiridwa kumene. Makala akuda amatchinga kutentha kwa amene ali pansi pawo, ndipo chiwaya chikawaphimba amachedweranso kuyaka. Dikirani mpaka pamwamba pataoneka pofiira ndi kaphulusa koyera m'mbali mwa khala lililonse, zimene zimatenga mphindi 10 kapena 15 mukamakupiza. Makala afike pafupi ndi chiwaya koma asachikhudze, pakhale mpata wa chala chimodzi kuti mpweya wotentha uzituluka, chifukwa chiwaya chachikulu chikakhala pa makala penipeni moto umabanika.

Mafuta muwayese musanaikemo nsomba. Viikani nsonga ya mthiko wouma, ndipo ngati tithovu tikutuluka mwachangu kuzungulira mtengowo, mafuta afika. Ngati palibe chikuchitika, dikirani. Ngati mafuta ayamba kufuka utsi, apitirira, ndiye chotsani chiwaya pamoto kwa kanthawi, musalimbane ndi kachitseko chifukwa mbaula ichedwa kutsika. Chambo muchipukute madzi, muchicheke m'mbali, ndipo musaike zambiri nthawi imodzi, popeza nsomba yozizira iliyonse imatsitsa kutentha kwa mafuta ndipo makala sangabweze kutenthako msanga. Mukachiika musachigwedeze, chisiyeni mphindi zisanu kapena kuposerapo mpaka khungu litauma, chimamasuka chokha ku chiwaya.

Nabanda_wa_ku_Chilinde
Zikomo kwambiri achimwene. Pamenepa pa makala akuda ndi pamene pandikhudza, chifukwa ndimathira makala atsopano n'kuika chiwaya nthawi yomweyo. Koma ndifunsebe za nyemba. Ngati ndichepetsa moto chonchi, kodi sizitenga tsiku lonse kuti zipse? Ine ndimaona ngati zikamabwata mwamphamvu ndiye kuti zikupsa msanga.

Mphunzitsi_wa_ku_Zomba
Funso limeneli ndi lofunika, chemwali. Madzi akawira sapitirira kutentha, kaya moto ukhale waukali chotani. Pamalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere amawira pa madigiri 100, ndipo pamalo okwera monga Lilongwe amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97, pamene ku Dedza kwa agogo amawira motsikirapo pang'ono. Izi zikutanthauza kuti nyemba zimene zikubwata mwaukali ndi zimene zikubwata mofatsa zili pa kutentha kofanana, ndipo zifewa pa nthawi yofanana. Moto woonjezerawo umangosandutsa madzi nthunzi, ndiye madzi amaphwa, nyemba za pamwamba zimatsala pouma n'kulimba, za pansi zimakhala pa chitsulo n'kupserera. Mafuta ndi osiyana, chifukwa pokazinga amayenera kufika madigiri 170 mpaka 180, ndipo amapitirirabe kutentha moto ukachuluka. N'chifukwa chake chiwaya chimafuna moto wonse umene mbaula ingapereke, pamene poto wa nyemba amangofuna moto wokwanira kuti asaleke kubwata.

Pali chinthu chimodzi chosayenera kudumpha. Nyemba, makamaka zofiira, ziyenera kuwira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 poyamba, chifukwa zosawira mokwanira zimapweteka m'mimba. Mukatha mphindi zimenezo ndiye mutseke kachitseko. Chizindikiro cha moto woyenera n'chakuti mukavundukula mumaona tithovu tikutumphuka apa ndi apo, chivundikiro sichikugwedezeka, ndipo nthunzi ikutuluka pang'ono m'mbali. Ngati chivundikiro chikuvina ndipo msuzi ukusefukira pa makala, moto wachuluka. Ngati madzi angoti zii osatumphuka, tsegulani kachitseko pang'ono kapena tokosani phulusa.

Gogo_wa_ku_Dedza
Aphunzitsi, za madigiri sindikuzidziwa, koma ndikudziwa kuti nyemba za mumphika wadothi zimapsa bwino kuposa za m'poto wopyapyala pa moto womwewo. Ndiponso muwauze kuti pothirira madzi asathire ozizira, chifukwa nyemba zimalimba.

Mphunzitsi_wa_ku_Zomba
Agogo, za mphika ndikugwirizana nanu, chifukwa mphika ndi wochindikala, umagawa kutentha mofanana ndipo susintha msanga moto ukakwera kapena kutsika, pamene poto wopyapyala amatentha kwambiri pamalo pamene khala lamuyandikira. Za madzi ozizira, sindikhulupirira kuti iwo okha amalimbitsa nyemba. Chimene chimachitika n'chakuti amaletsa kubwata, ndipo pa moto wochepa poto amachedwa kuwiranso, ndiye nthawi imatayika. Malangizo anu ndi abwinobe, madzi othirira akhale otentha. Chimene ndikudziwa kuti chimachedwetsa nyemba kufewa ndi tomato, choncho alowe nyemba zitafewa kale.

Gogo_wa_ku_Dedza
Ine ndaona ndi maso anga nyemba zitalimba ndi madzi ozizira, mwana wanga, ndipo sindisintha maganizo.

Bambo_a_ku_Mzuzu
Ine ndikuona kuti nkhani yonseyi ikhoza kuphweka mukangosintha ndondomeko ya kaphikidwe. Moto wa makala umayamba wofooka, umafika pachimake makala onse akafiira, kenako umatsika wokha pang'onopang'ono. Bwanji osakazinga nsomba poyamba moto uli pachimake, kenako n'kutereka nyemba kuti zipse ndi moto umene ukutsika? Mukatero simulimbana ndi mbaula, ndipo makala okolezanso kachiwiri simuwafuna.

Wachiwaya_wa_pa_Lunzu
Bambo, nzeru imeneyo imagwira ngati chophika chachiwiri ndi cha nthawi yochepa, monga kukazinga nyama n'kuithira madzi kuti ibwate, kapena kukazinga anyezi ndi tomato n'kuikamo usipa. Koma nyemba zouma zimatenga maola awiri kapena atatu, ndiye nsomba yokazingidwa poyamba idzakhala itazizira ndi kufewa khungu pofika nthawi ya chakudya. Musaiwalenso kuti nsima ikudikira kumapeto, ndipo nsima imafuna moto wamphamvu pamene phala likuthakatha. Moto uyenera kudzutsidwabe kachiwiri, kaya mufune kaya musafune.

Mmisiri_wa_mbaula
Nonse awiri muli ndi mfundo, ndiye ndiyese kuika zonse m'ndondomeko ya chakudya chimodzi cha masana, cha nyemba, chambo ndi nsima, pa mbaula ya amayi Nabanda. Nyemba makapu awiri muziviike m'madzi usiku, chifukwa zoviika zimafewa pa ola limodzi kapena ola ndi theka, malinga ndi mtundu wake ndi kukhalitsa kwake. M'mawa tayani phulusa lonse, ikani makala akuluakulu ofika theka, kolezani kachitseko kali kotsegula. Makala ambiri akagwira terekani nyemba, madzi apitirire pamwamba pake ndi zala ziwiri kapena zitatu, muvundikire. Zikawira ziwerengereni mphindi 10 zija, kenako tsekani kachitseko kusiya kampata.

Kuyambira pamenepo ntchito yanu ndi yoyang'ana poto pakatha mphindi 20 zilizonse. Moto ukayamba kutsika musathire makala ambiri nthawi imodzi, ikani khala limodzi kapena awiri m'mbali mwa ofiira aja, kuti pamene akalewo akutha atsopano akhale atagwira. Nyemba zikafewa moti zikuphwanyika pakati pa zala, phulani poto, mumukulunge ndi nsalu yochindikala kapena bulangeti lakale ndi kumuika pambali, ndipo zipitiriza kufewa ndi kutentha kwake komweko. Apa ndi pamene mudzutse moto monga anenera achimwene a chiwaya. Moto ukafiira, yambani nsomba, chifukwa ndiyo ikufuna moto waukali koposa. Mukaphula nsomba kazingani anyezi ndi tomato wa nyemba, kenako terekani madzi a nsima moto ukadali wamphamvu. Nsima ikapsa, moto umakhala utatsika wokha, ndipo umenewo ndi wokwana kubwezerapo nyemba kuti zibwate ndi tomato uja kwa mphindi zochepa msuzi ugwirane.

Bambo_a_ku_Mzuzu
Ndondomeko imeneyo ndaimva, koma ndikukayikabe ngati ikupulumutsa makala, popeza mukukoleza kawiri. Kwathu timaphika nyemba madzulo pa moto wotsala titaphula nsima, n'kuzimaliza mawa lake.

Namwino_wopuma
Pepani ndilowererepo pa mfundo ya moto wotsala madzulo, chifukwa ikukhudza moyo. Makala oyaka ndi mpweya wochepa, kaya chifukwa chotseka kachitseko kaya chowaza phulusa, amatulutsa mpweya woipa wambiri, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo akhoza kufa osadzuka. Moto wofatsa umenewu ndi umene anthu amaulowetsa m'nyumba m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye poganiza kuti watha mphamvu popeza sukufuka. Nyemba za madzulo zibwatire pakhonde kapena m'khitchini ya mazenera ndi chitseko chotsegula, ndipo mbaula isalowe m'chipinda chogona ngakhale makala akuoneka kuti azima.

Bambo_a_ku_Mzuzu
Zikomo amayi, mwachita bwino kukumbutsa. Ife timaphikira panja pa khonde, ndipo mbaula imagona komweko.

Mnyamata_wa_pa_lendi
Nanga ife amene tili ndi mbaula yachitsulo yobooledwa m'mbali monse, yopanda kachitseko, titani? Mpunga wanga umapserera pansi pamwamba pakadali pauwisi.

Mmisiri_wa_mbaula
Mbaula yoteroyo imalandira mpweya mbali zonse, choncho ndi yabwino pokazinga koma yovuta poichepetsa, ndipo imadya makala kuposa ya dothi. Mwatsala ndi njira zitatu, kuchotsa makala, kuwaza phulusa monga anenera agogo, ndi kutalikitsa poto. Potalikitsa mukhoza kuyala kachidutswa ka chitsulo chafulati pakati pa makala ndi poto, chosapakidwa utoto, koma chisaphimbe mbaula yonse. Muichotsenso pamphepo, muiike pakona ya khoma, chifukwa mphepo ya mu Ogasiti imakupiza moto mosalekeza. Pa mpunga, madzi akangophwa mpaka pamwamba pataoneka timabowo, chotsani makala ambiri pansi musiye atatu kapena anayi, ena muwaike pa chivundikiro chachitsulo, mudikire mphindi 10 mpaka 15 osavundukula.

Mai_a_Tadala
Chivundikirocho chisakhale cha chigwiriro chapulasitiki, chifukwa chimasungunuka. Ine ndimavundikira ndi mbale yachitsulo.

Nabanda_wa_ku_Chilinde
Ndabweranso kudzanena mmene zayendera. Nyemba sizinapserere, madzi ndinathirira kamodzi kokha, ndipo makala anatsala ambiri kuposa kale. Koma moto unatsala pang'ono kuzima pakati, mwakuti ndinachita kutsegula kachitseko ndi kukupiza. Nsomba yoyamba inatuluka bwino, khungu louma, koma yachiwiri inayambanso kumatirira. Kodi pamenepa chavuta n'chiyani?

Wachiwaya_wa_pa_Lunzu
Pa nsomba yachiwiri, ndikuganiza kuti munaiika mutangochotsa yoyamba, mafuta asanabwerere pa kutentha kwake. Dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, muchotse tizinyenyeswa totsalira m'chiwaya, mukupize pa kachitseko, muyesenso ndi mthiko. Ngati chiwaya chanu ndi chopyapyala, vutoli limakula chifukwa sichisunga kutentha.

Mmisiri_wa_mbaula
Za moto wofuna kuzima, zifukwa zikhoza kukhala ziwiri. Mwina makala anu ndi opepuka, monga ananenera mnyamata uja poyamba, ndipo makala otere amachita phulusa msanga ndi kufuna kampata kokulirapo, ka zala ziwiri. Mwinanso mabowo a dothi ndi ochepa kapena ena anatsekeka kale, zimene mungaone poyang'ana kunsi mbaula ili yozizira. Tiuzeni kukula kwa poto wanu poyerekeza ndi kukamwa kwa mbaula, chifukwa ngati poto ndi wotambalala ndipo tizitsulo tokhazikapo tinapindikira pansi, ndiye kuti moto ukubanikira pamwamba, ndipo kusintha kachitseko kokha sikungathandize mpaka tizitsuloto tiwongoledwe.